Mita imodzi, makomo atatu: ndani akudya mayunitsi pa Nkando?

Dzuwa likapendeka pa Nkando, msewu wa Midima umadzaza minibasi zochokera ku Limbe, akabaza akulimbirana okwera, amayi akumanga mitolo ya zotsala pamsika. Kuseri kwa mashopu kuli midadada ya nyumba za lendi, ndipo nthawi imeneyi ndiyo mapoto amakhala pamoto. Khomo lina madzi a nsima ali pa hotipuleti, khomo lina dipufiriza ya mugolosale ikung'ung'uza, kuchipinda chakumapeto mnyamata wangolumikiza foni kuchaja. Kenako magetsi aja phethi! Mwana amatumidwa kukasuzumira kwa aneba, nabwera ndi yankho loti kwawoko kukuyaka.

Ndiye kuti si ESCOM. Mayunitsi atha.

Zotsatira zake amazidziwa aliyense amene anakhalapo pa mita yogawana. Wa hotipuleti amaloza dipufiriza, poti imayaka usana ndi usiku. Wa dipufiriza amaloza hotipuleti ndi simbi. Mnyamata wakumapeto uja, amene ali ndi mababu awiri basi, amangosonkha mofanana ndi anzake chifukwa safuna kukangana ndi akuluakulu. Onsewo akulankhula zimene akuganiza, palibe amene wayeza. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi yakuti mkangano umenewu ungathe ndi kachipangizo kamene amisiri a magetsi amayenda nako m'chikwama, kilampu mita, koma pokhapokha anthu atamvetsa kuti kachipangizoka sikawerenga mayunitsi. Kamawerenga chinthu chimodzi mwa zinthu zinayi zimene zimapanga yuniti, ndipo amene waiwala zitatu zinazo akhoza kuweruza mlandu molakwika, manambala ali m'manja.

Tiyambe ndi mmene kamagwirira ntchito. Kilampu ili ndi kukamwa kotseguka ngati pulayala, ndipo mkati mwa nsagwada zakezo muli chitsulo chokulungidwa ndi kawaya kopyapyala kambirimbiri. Magetsi akamayenda m'waya amapanga mphamvu ya maginito mozungulira wayayo. Magetsi a ESCOM amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi, choncho maginitowo nawo amasinthasintha, ndipo kusinthasinthako kumadzutsa timagetsi tochepa m'kawaya ka mu kilampu. Timagetsi timeneti ndito kachipangizoka kamayeza, n'kuonetsa pagalasi kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya wamkulu uja, m'maampu. Ubwino wake wonse wagona pamenepa: simudula waya, simusenda waya, simumasula sikuluwu iliyonse. Mumangotsegula kukamwa, kulowetsa waya, kutseka, n'kuwerenga, batani lili pa chizindikiro cha A~.

Koma waya wake akhale mmodzi. Apa ndi pamene ambiri ogwira kilampu koyamba amagwa. Chingwe cha hotipuleti chili ndi mawaya atatu mkati: wa moto, amene pa mawaya akale ndi wofiira ndipo pa atsopano ndi wabulauni, wobwerera, amene ndi wakuda kapena wabuluu, ndi wa pansi wobiriwira ndi chikasu. Magetsi amene apita kudzera m'waya wa moto amabwerera onse kudzera m'mnzakeyo, choncho mukapana chingwe chonse maginito a mawaya awiriwa amafafanizana ndipo galasi limaonetsa 0, hotipuleti ili psuu. Pa mdadada malo oyenera kuyezera ndi pa bolodi la mabuleka, pamene waya wa moto wa khomo lililonse umatuluka pawokha. Poyeza chipangizo chimodzi, mmisiri amakonza kachingwe kafupi kowonjezera, kokhala ndi pulagi ndi soketi, kamene chikopa chake chakunja chachotsedwa pang'ono kuti waya aliyense aoneke payekha koma ali chivalire chikopa chake chamkati. Nsagwada nazo zitsekeke bwinobwino. Kamchenga kapena dzimbiri pakati pake zimatsitsa nambala, ndipo mungadziwe zimenezi mukafinya nsagwadazo ndi zala nambala n'kukwera.

Tsopano tili ndi maampu. Kuti tifike pa yuniti imene timagula pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pakufunika mavoluti, nthawi, ndi chinthu china chimene amisiri amachitcha pawa fakita. Yuniti imodzi ndi kWh imodzi, kutanthauza mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola lathunthu. Masamu ake ndi awa:

```
W   = V × A × PF
kWh = W × maola ÷ 1000
```

Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi a mavoluti 230. Pa zipangizo zotenthetsa, monga hotipuleti, simbi, ketulo ndi giza, pawa fakita ndi 1, choncho masamuwo ndi osavuta: maampu kuchulukitsa ndi 230. Pa zipangizo za mota, monga firiji ndi fani, komanso pa timababu totchipa ta LED, machaja ndi mawayilesi a kanema ambiri, nkhani imasintha. Mbali ina ya magetsi oyenda m'waya imangopita n'kubwerera osagwira ntchito, kilampu imaiwerenga, koma mita ya ESCOM ya m'nyumba siilipiritsa. Pa firiji yaing'ono pawa fakita imakonda kukhala cha m'ma 0.6 mpaka 0.7, ndipo pa timababu ndi machaja otchipa imatsika mpaka cha m'ma 0.5. Zikumveka ngati za m'kalasi, koma tiona posachedwa kuti kanambala kameneka kangathe kusenzetsa munthu ngongole ya mayunitsi oposa 30 pamwezi imene si yake.

Tiyerekeze mdadada wa makomo atatu ngati uja, ndipo manambala otsatirawa akhale chitsanzo chowerengera, osati a nyumba ya munthu wina wake. Khomo loyamba ndi banja lophikira magetsi. Hotipuleti ikayatsidwa kilampu ikuonetsa 6.5, ndiye 6.5 kuchulukitsa ndi 230 ndi mawati 1,495, tingoti 1,500. Mayi a pakhomopo anena kuti amaphika maola awiri patsiku, ndipo sakunama, koma hotipuleti ikafika pa kutentha kumene mwaikira imadzizimitsa n'kudziyatsanso. Mukayang'anitsitsa galasi la kilampu muona nambala ikugwa pa 0 kwa kanthawi kenako n'kubwerera pa 6.5. Nthawi yowerengera ndi yokhayo imene nambala ili m'mwamba. Tinene kuti pa maola awiriwo, ola limodzi ndi theka ndiye ikukoka. Pamenepo patsiku ndi mayunitsi 2.25, pa masiku 30 ndi 67.5. Simbi ikuonetsa 4.3, amene ndi mawati pafupifupi 1,000, ndipo ngati amasita maola awiri pamlungu koma simbiyo imakoka theka la nthawiyo, ndi yuniti imodzi pamlungu, anayi pamwezi. Madzulo, mababu ndi kanema zili chiyakire, waya wa khomoli ukuonetsa 0.6. Tikachulukitsa ndi 230 ndi pawa fakita ya 0.6 tipeza mawati 83, amene kwa maola asanu tsiku lililonse apanga mayunitsi 12 pamwezi. Khomo loyamba lonse ndi mayunitsi 84.

Onani kuti simbi, imene imatchulidwa kwambiri pa mikangano, yangodya anayi. Imakoka kwambiri inde, koma kwa nthawi yochepa.

Khomo lachiwiri ndi golosale ya dipufiriza, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Mota ikangoyamba, nambala imalumpha kufika mwina pa 5 kapena kuposa kwa kamphindi, kenako imakhazikika. Amene wadina HOLD pa kulumphako n'kuthamanga nayo nambalayo kwa eni nyumba wanamizira mnzake. Nambala yoona ndi yokhazikikayo, tinene 1.0. Funso lachiwiri ndi lakuti mota imayenda maola angati pa maola 24, chifukwa dipufiriza imene ili pa soketi usana ndi usiku siyenda usana ndi usiku. Njira yake ndi kukhala pafupi ndi wotchi kwa ola limodzi masana ndi ola lina usiku, kulemba mphindi zimene mota ikulira ndi zimene yapuma. Tinene kuti zapezeka kuti imayenda maola 14 patsiku. Wongochulukitsa 1.0 ndi 230 ndi 14 apeza mayunitsi 3.22 patsiku, 97 pamwezi, n'kulengeza kuti wagolosale ndiye akudya kuposa onse. Koma tikaikapo pawa fakita ya 0.65, mawati enieni ndi 150, patsiku mayunitsi 2.1, pamwezi 63. Kusiyana kwake ndi mayunitsi 34, ndipo chigamulo chatembenuka: hotipuleti ili patsogolo, dipufiriza pambuyo. Tikawonjezapo mayunitsi 5 a mababu a mugolosale, khomo lachiwiri ndi 68.

Wina afunsa kuti 0.65 ameneyu ndamutenga kuti, ndipo funsolo ndi loyenera, chifukwa nambala yongoganizira singathetse mkangano. Yankho lili pa mita ya ESCOM yomweyo. Mamita ambiri ali ndi kanyali kofiira kophethira, pambali pake patalembedwa nambala monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1,000 yuniti imodzi yatha. Zimitsani mabuleka a makomo enawo, musiye dipufiriza yokha ikuyenda, muwerenge kuphethira kwa mphindi 10. Kakaphethira ka 25, ndiye kuti pa ola kakanaphethira ka 150, amene ndi mawati 150. Gawani 150 ndi 230 amene munapeza pochulukitsa 1.0 wa kilampu ndi mavoluti, mupeza 0.65, pawa fakita ya dipufiriza imeneyoyo, yoyezedwa osati yobwereka m'buku. Nambala ya pa mita yanu ikakhala ina, monga 1600 kapena 3200, masamu asinthe moyenera. Kumene mita ili pamwamba pa polo ndipo m'nyumba muli kachipangizo kolowetsera tokeni kokha kopanda kanyali kotere, njira ndi yomweyo koma yotalikirapo: lembani mayunitsi otsala, siyani dipufiriza yokha kwa maola angapo, mulembenso.

Khomo lachitatu silichedwetsa. Mababu awiri, chaja ndi kawayilesi zikuonetsa 0.2, amene ndi mawati pafupifupi 28 tikaikapo pawa fakita ya 0.6, ndipo kwa maola 6 patsiku ndi mayunitsi 5 pamwezi. Chovuta apa n'chakuti makilampu ambiri otchipa anapangidwira mazana a maampu, choncho pa nambala zazing'ono chonchi amaphonya kwambiri, ena amangoonetsa 0. Amisiri ali ndi njira yake: waya mmodzi yemweyo amamupinda kuti adutse m'kamwa mwa kilampu maulendo 10, nambala imakula ka 10, kenako amaigawa ndi 10. Galasi likaonetsa 2.0 ndiye kuti ndi 0.2, ndipo tsopano mukhoza kuikhulupirira. Zimenezi zichitike pa kachingwe koyezera kaja, osati kukoka mawaya a mu bolodi.

Tikaphatikiza 84, 68 ndi 5 tipeza mayunitsi 157 pamwezi. Nambala imeneyi isakhulupiriridwe isanayesedwe. Ngati masamu ali bwino, pa masiku 7 mita iyenera kutsika ndi mayunitsi pafupifupi 37. Lembani mayunitsi otsala Lolemba m'mawa, lembani tokeni iliyonse yolowetsedwa mkati mwa mlungu, mulembenso otsala Lolemba linalo nthawi yomweyo. Tinene kuti mita yatsika ndi 39. Pamwezi ndiye 167, kusiyana ndi masamu athu ndi mayunitsi 10, pafupifupi 6 pa 100 alionse. Kusiyana kotere n'kovomerezeka pa ntchito yoyeza ndi dzanja ndi wotchi. Koma mita ikatsika ndi 55 pamene masamu akuti 37, pali chinthu chimene sichinaonekere tsiku loyeza. Kawirikawiri chimakhala chotenthetsa: ketulo, kapena kachitsulo kowiritsira madzi osamba m'ndowa, kamene kamabisidwa pansi pa bedi. Mukafuna kudziwa ngati vuto si la anthu a pamdadada, zimitsani ndi kuzula zonse m'makomo onse, mupane waya wamkulu wotuluka ku mita. Ukaonetsabe maampu, ndiye kuti pali waya wopita kwina kumene simukudziwa, kapena magetsi akuthawira pansi chifukwa cha waya wosendeka, ndipo chachiwirichi ndi ngozi ya moto ndi ya moyo, osati ya ndalama zokha.

Kuchoka pa mayunitsi kufika pa kwacha, anthu ambiri amafuna kudziwa mtengo wa yuniti umene bungwe la MERA lavomereza. Ine ndikuona kuti kwa munthu wa pa mdadada nambala yothandiza kwambiri ili m'mauthenga a tokeni a mu foni yake. Mitengo ya magetsi yakhala ikusintha, makamaka kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, ndipo pa ndalama imene mwalipira pamachoka msonkho wa VAT, mwinanso ngongole ngati mitayo ili nayo. Komanso mitengo ya ESCOM ya m'nyumba yakhala ya magawo awiri, mayunitsi 50 oyambirira pamwezi otsikirapo, otsatira okwererapo, n'chifukwa chake tokeni ya kumayambiriro kwa mwezi imapatsa mayunitsi ambiri kuposa ya ndalama yomweyo kumapeto. Choncho musatenge tokeni imodzi. Phatikizani ndalama zonse za mwezi wathunthu, phatikizani mayunitsi onse amene munalandira, mugawe. Pongofuna chitsanzo, tinene kuti pa K10,000 iliyonse munkapeza mayunitsi 80, ndiye yuniti ndi K125, ndipo mayunitsi 167 ndi K20,875.

Pogawana mofanana, khomo lililonse likanasonkha pafupifupi K7,000. Pogawana potsata masamu aja, khomo la hotipuleti lili ndi magawo 84 mwa 157, ndiye K11,170. La dipufiriza lili ndi 68, ndiye K9,040. Mnyamata wakumapeto ali ndi 5, ndiye K665. Munthu ameneyu wakhala akulipira kuposa ka 10 zimene amagwiritsa ntchito, ndipo akanakhala ndi mita yake, mayunitsi ake onse akanakhala a mtengo wotsika uja. Nkhani imene inkaoneka ngati ya awiri okangana ija yapezeka kuti wolakwiridwa kwenikweni ndi amene sankalankhula. Ichi ndicho chimandichititsa kuumirira kuti kuyeza kotere n'koyenera nthawi imene kumatenga.

Pali zotsutsa, ndipo zina ndi zamphamvu. Choyamba ndi chakuti mita ya ESCOM imaonetsa kale mayunitsi, nanga kilampu ya chiyani? N'zoona, ndipo pa nkhani ya chiwerengero chonse mita ndiyo ili ndi mawu omaliza. Kilampu ikasiyana ndi mita, musathamangire kunena kuti mita ikuba, chifukwa mita imayeza mavoluti ndi maampu pamodzi mphindi iliyonse pamene kilampu yangoona maampu a kanthawi kamene munaima pamenepo. Koma mita imaona mdadada wonse ngati nyumba imodzi. Siidziwa khomo, siidziwa chipangizo. Ntchito ya kilampu ndi kugawa chiwerengero chimene mita yapereka, n'chifukwa chake pa chitsanzo chija ndalama tazitenga ku mita, magawo tawatenga ku kilampu. Kwa banja lokhala lokha pa mita yake phindu lake ndi lofanana: kudziwa kuti pa mayunitsi a mwezi, angati akupita ku mphika ndi angati ku firiji, musanaganize zobwerera ku makala kapena zogulitsa firijiyo.

Chachiwiri ndi chakuti magetsi a kuno sakhazikika, ndiye 230 wa m'masamuyo ndi wa pa pepala chabe. Ichi ndikuchivomereza kwambiri. Madzulo, pamene aliyense akuphika, nyumba zimene zili kutali ndi thiransifoma zimalandira mavoluti otsika, ndipo mababu akale ankasonyeza zimenezi pofiira. Hotipuleti imene imakoka 6.5 pa mavoluti 230 ikoka pafupifupi 5.9 mavoluti akatsika pa 210. Mawati enieni pamenepo ndi 1,240, koma wochulukitsa 5.9 ndi 230 apeza 1,357, kuposa ndi 9 pa 100 alionse. Komanso nyemba zichedwa kupsa, maola achuluka. Mankhwala ake alipo, chifukwa makilampu ambiri ali ndi timawaya tiwiri toyezera mavoluti pa soketi, ndipo mmisiri ayeze mavoluti nthawi yomwe akuyeza maampu, makamaka nthawi yophika. Kuthimathima kwa magetsi nako kumalowa m'masamu. Amene anaona miyezi yotsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pamene siteshoni ya Kapichira pa Shire inaonongeka dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, akudziwa kuti maola a magetsi patsiku angathe kuchepa kwambiri. Mlungu wa kuthimathima, hotipuleti imapuma chifukwa mbaula yalowa m'malo, koma dipufiriza magetsi akabwera imayenda osapuma kuti ibweze kuzizira kumene kunatayika. Magawo a mlungu wotere sangaimire mwezi wabwinobwino.

Nyengo imasokonezanso chimodzimodzi. Mu Okutobala kukatentha, mota ya dipufiriza imatha kuyenda pafupifupi tsiku lonse, makamaka ngati akuikamo zakumwa ndi mafilizesi ofunda m'mawa uliwonse kapena mphira wa pachitseko watha. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Mulanje, dipufiriza imapumula koma madzi osamba amayamba kuwiritsidwa pa magetsi. Kutenthetsa malita 20 kuchokera pa madigiri 15 kufika pa 45 kumadya pafupifupi mayunitsi 0.7, ndipo banja lowiritsa ndowa ziwiri patsiku lawonjeza mayunitsi oposa 40 pamwezi. Magawo oyezedwa mu Okutobala akagwiritsidwa ntchito mu Julayi, wagolosale ndiye alipirira anzake madzi osamba. Choncho mgwirizano wa pa mdadada uzinena kuti kuyeza kubwerezedwa nyengo ikasintha, komanso khomo lina likagula chipangizo chatsopano.

Chachitatu ndi cha ngozi ndi lamulo, ndipo pano sindikufuna kuchepetsa kanthu. Kilampu payokha sikhudza chitsulo cha moto, koma dzanja lolowa mu bolodi lotsegula lili pafupi ndi masikuluwu amene ali ndi mavoluti 230, okwanira kupha munthu. Kutsegula bolodi ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi wovomerezeka, amene ali ndi chilolezo cha MERA, osati ya mwana wa sukulu amene waonera kanema pa foni. Iye azimitse buleka wamkulu asanachotse chivundikiro, akole kilampu, kenako ayatse, manja ali ouma ndi nsapato kuphazi. Za lamulo, malire ake ndi oonekeratu. Mita, chidindo chake ndi mawaya obwera kuchokera ku polo ndi za ESCOM, ndipo kuzigwiragwira ndi mlandu pansi pa lamulo la magetsi. Zonse zimene ndafotokozazi zimachitika kumbali ya mwini nyumba, magetsi atadutsa kale mu mita. Munthu akabwera n'kunena kuti kuti ayeze bwino ayenera kumasula mita, ameneyo si woyeza.

Chotsutsa chachinayi chimachokera kwa achinyamata odziwa zamakompyuta, amene amati kuima ndi wotchi n'kwachikale pamene kachipangizo kangathe kulemba kokha usana ndi usiku. Akunena zoona, ndipo vuto lalikulu la chitsanzo chathu, lomwe ndi kudalira maola amene anthu anena, limatha ndi njira imeneyi. Pali kakilampu kopanda galasi kotchedwa SCT-013-000, kamene pa maampu 100 kamatulutsa mamiliampu 50. Kamalumikizidwa ku Arduino kapena ESP32 kudzera pa rezisita, ndipo pulogalamu ya EmonLib ya gulu la OpenEnergyMonitor imawerenga maampu mobwerezabwereza. Mota ikayamba kapena ketulo ikayatsidwa pakati pa usiku, zonse zimalembedwa. Koma kakilampu ka maampu 100 pa khomo lokoka 0.2 sikaona bwino, bola ka maampu 30, SCT-013-030, kamene kali kale ndi rezisita mkati. Ndipo chachikulu, kulemba maampu sekondi iliyonse sikuchotsa vuto la mavoluti ndi pawa fakita. Dipufiriza ija idzaonekabe ngati ya mayunitsi 97, kungoti tsopano bodzalo lili pa chithunzi chokongola. Wofuna mayunitsi enieni asankhe kachipangizo koyeza mavoluti ndi maampu pamodzi, monga PZEM-004T, kamene kali ndi kilampu yake ndipo kamapereka mawati ndi kWh. Kameneka kamalumikizidwa ku waya wa moto, ndiye tabwereranso kwa mmisiri.

Pamapeto pake wina anganene kuti ngati zili choncho, bwanji osangoika mita yaing'ono pa khomo lililonse, kapena kupempha ESCOM kuti khomo lililonse likhale ndi mita yakeyake? Pamenepo sinditsutsa. Mita yaing'ono yoikidwa mu bolodi imawerenga kWh mosalekeza ndipo siifuna wotchi kapena pawa fakita, ndipo mita ya ESCOM ya khomo lililonse imathetseratu kusonkherana, n'kupatsa banja lililonse mayunitsi ake otsika mtengo. Koma zonsezi zimafuna kuti khomo lililonse likhale ndi waya wakewake kuchokera ku bolodi, ndipo midadada yambiri inamangidwa chipinda ndi chipinda, waya akungolumikizidwa kuchokera ku soketi ya khomo loyandikana. Eni nyumba satulutsa ndalama ya mawaya atsopano chifukwa cha madandaulo a pakamwa. Mmisiri akadutsa ndi kilampu, kuyatsa chipangizo pa khomo lililonse n'kuona waya wa buleka umene nambala yakwera, amadziwa tsiku lomwelo kuti waya uti ukudyetsa makomo ati, ndiponso ngati waya woonda wa mamilimita 1.5, woyenera mababu, wasenzetsedwa hotipuleti ndi simbi ndi ketulo. Pepala lokhala ndi maampu a khomo lililonse, mayunitsi a mlungu ndi kusiyana kwa K7,000 ndi K665 ndi limene alendi angapite nalo kwa eni nyumba pokapempha kuti mawaya agawidwe ndi mamita aikidwe.